Logo yowala pasikirini, yothimbirira papepala: zimachitika bwanji ndipo mungazipewe motani?

Chakumapeto kwa chaka, malo osindikizira mabuku amadzaza ndi maoda a makalendala, timabuku ta malonda ndi malipoti a pachaka. Ena mwa makampani obweretsa ntchitozi amakhala atasintha logo yawo posachedwa, koma zithunzi zabwino zomwe ali nazo ndi zakale, zoonetsa galimoto, chikwangwani kapena yunifomu yokhala ndi logo yakale. Wokonza zithunzi amafufuta logo yakaleyo pakompyuta n'kuikapo yatsopano, bwana wa kampani amaona pasikirini n'kuvomereza. Mkangano umabuka makalendala akatuluka, chifukwa buluu wa logo wasanduka wonga pepo, ndipo olenji wathimbirira mpaka kuyandikira bulauni.

Kawirikawiri wosindikiza ndiye amalandira mawu, pomwe cholakwika chimakhala chinachitika kale fayilo isanafike kwa iye, pa nthawi yosintha chithunzi kuchoka ku RGB kupita ku CMYK. Njira yopewera vutoli ndi yosavuta kuinena: chithunzi chisinthidwe pachokha, logo nayo ipatsidwe inki yake payokha. Tiona chifukwa chake, kenako titsatira ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kuwala ndi inki si zinthu zofanana

Sikirini ya foni kapena kompyuta imapanga mitundu ndi kuwala. Ili ndi timagetsi ting'onoting'ono tofiira, tobiriwira ndi ta buluu, ndipo zilembo za RGB zimaimira mitundu itatuyi. Mtundu uliwonse umayezedwa kuyambira 0 mpaka 255. Itatu yonse ikayaka mokwanira pamaoneka poyera, ikazima pamada.

Pepala lilibe magetsi. Limangobweza kuwala komwe kwaligwera, ndipo inki iliyonse yothiridwapo imameza gawo lina la kuwalako. Makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi. C ndi buluu wowala wonga wa thambo, M ndi pinki wakupsa, Y ndi chikasu, K ndi yakuda. Iliyonse imayezedwa kuyambira 0 mpaka 100 peresenti. Pasikirini mukawonjezera kuwala mtundu umawala, koma papepala mukawonjezera inki mtundu umada.

Chifukwa cha kusiyana kumeneku, pali mitundu ina yomwe sikirini imaonetsa koma inki zinayizi sizingaifikire. Yovuta kwambiri ndi buluu wowala, wobiriwira wowala, olenji ndi pepo, yomwenso okonza malogo amaikonda. Buluu weniweni wa pasikirini, wa R0 G0 B255, akasinthidwa ndi pulofayilo yotchedwa U.S. Web Coated (SWOP) v2, amatuluka pafupifupi C88 M77 Y0 K0. Inki ya M yayandikira kwambiri ya C, ndipo papepala mtundu wotere umapendekera ku pepo. Pulogalamuyo sinalakwitse masamu. Yangosankha mtundu womwe yaona kuti uli pafupi ndi wosathekawo, koma siidziwa kuti mwini kampani akadalola buluu wakudako pang'ono kusiyana ndi pepo.

Inki yachitatu ndiyo imadetsa

Mtundu wowala papepala umapangidwa ndi inki ziwiri, kapena imodzi. Olenji ndi M ndi Y. Buluu ndi C ndi M. Wobiriwira ndi C ndi Y. Pa mtundu uliwonse pali inki imodzi yotsala, ndipo imeneyo ikalowerera imazimitsa kuwala kwa mtunduwo: C imadetsa olenji ndi wofiira, Y imadetsa buluu, M imadetsa wobiriwira. Zili ngati wopenta nyumba amene waviika burashi yosatsuka bwino m'chitini cha penti watsopano. Dontho lochepa la penti wakale limakwanira kusintha chitini chonse. Peresenti zisanu kapena zisanu ndi zitatu za C mu olenji maso amaziona.

Nanga inki yachitatuyo imachokera kuti? Pa chithunzi chosinthidwa logo, gwero lalikulu ndi kakonzedwe komwe. Kuti logo yatsopano isaoneke yongomata, okonza ambiri amaika leya yake pa Multiply, kuti mithunzi ndi makwinya a pansi pake azionekera. Pasikirini zimakongola. Koma chitseko cha galimoto yoyera sichikhala choyera mbee pachithunzi, chimakhala chotuwirako, nthawi zina chobuluwirako chifukwa cha thambo. Kutuwa kumeneko kumalowa mu logo yonse, ndipo posintha kupita ku CMYK kumasanduka C, M ndi Y pang'onopang'ono. Olenji amalandira C, buluu amalandira Y, onse awiri n'kuthimbirira.

Choncho pali zifukwa ziwiri zosiyana. China ndi malire a inki, omwe sitingawachotse koma tingasankhe tokha pokaima. China ndi kudetsedwa, komwe tingakupewe kotheratu.

Yambani ndi funso kwa wosindikiza

CMYK siili imodzi. Manambala omwewo amatuluka mosiyana papepala lonyezimira la magazini, papepala wamba la makalata ndi papepala la nyuzipepala, chifukwa pepala losanyezimira limamwa inki ndipo timadontho take timafalikira. Pofuna kuti kompyuta idziwe khalidwe la makina ndi pepala, pali timafayilo totchedwa mapulofayilo, totsatira muyezo wa bungwe la International Color Consortium lomwe linakhazikitsidwa mu 1993. Coated FOGRA39 ndi PSO Coated v3 ndi za pepala lonyezimira pa muyezo wa ku Ulaya, U.S. Web Coated (SWOP) v2 ndi ya muyezo wa ku America, ndipo ISOnewspaper26v4 ndi ya nyuzipepala.

Musanakhudze chithunzi, imbirani wosindikiza mufunse kuti, "Bwana, kalendalayi mudinda papepala lanji, ndipo fayilo ndiikonze ndi pulofayilo iti?" Mufunsenso kuchuluka kwa inki komwe pepalalo lingalandire pamalo amodzi, inki zinayi zonse zikaphatikizidwa. Papepala lonyezimira malire ake amakhala cha m'ma 300 mpaka 330 peresenti, pa nyuzipepala cha m'ma 240 kapena kutsika. Akakuyankhani kuti mungotumiza CMYK basi, ndipo pepala ndi lonyezimira, Coated FOGRA39 ndi poyambira pabwino, koma zikatero kudinda tsamba loyeserera kumakhala kofunika kwambiri.

Funsoli lingakupulumutseninso ku ntchito yosafunika. Makina akuluakulu odinda mabanala ndi zikwangwani nthawi zina amakhala ndi inki zoposa zinayi, ndipo ali ndi pulogalamu yawoyawo yosinthira mitundu. Makina otere angatulutse logo yowala bwino kuchokera ku fayilo ya RGB kusiyana ndi yomwe mwaichepetsa kale. Mitundu yotayika posintha siibwerera, ngakhale mutabwezera fayiloyo ku RGB.

Ntchito imodzi kuyambira poyamba

Tiyerekeze kuti kampani yonyamula katundu ikufuna kalendala yapakhoma. Chithunzi ndi cha lole yoyera, ndipo pachitseko chake mwaikapo logo yatsopano ya zilembo za buluu ndi mzere wa olenji. Mayina a malamulo otsatirawa ndi a mu Adobe Photoshop, koma nzeru yake imagwiranso mu CorelDRAW ndi mapulogalamu ena okhala ndi CMYK.

Choyamba ndi kupeza manambala enieni a logo. Amene anakonza logoyo amayenera kukhala atapereka kabuku kapena tsamba lonena mitundu yake mu RGB ndi mu CMYK. Musatenge mtunduwo pa kachithunzi ka logo ka pa intaneti kapena ka pa WhatsApp, chifukwa kameneko ndi ka RGB ndipo kanafinyidwa kale. Ngati manambala a CMYK kulibe, muwasankhe pamodzi ndi mwini kampani poyang'ana pa buku la mitundu yodindidwa kale, lomwe osindikiza ambiri amasunga. M'chitsanzo chathu tinene kuti mwagwirizana izi:

```
Buluu:  C100 M65 Y0   K0
Olenji: C0   M55 Y100 K0
```

Onani kuti mtundu uliwonse uli ndi inki ziwiri zokha. Onaninso kuti pa buluu, M yatsika ndi 35 poyerekeza ndi C. Okonza zosindikiza ambiri amasunga mpata wa pafupifupi 30 kapena kuposa pakati pa inki ziwirizi kuti buluu asapite ku pepo.

Chachiwiri ndi kusunga fayilo ya RGB yokhala ndi maleya ake onse, n'kupanga kope logwirirapo ntchito ndi `Image > Duplicate`. Pa kopelo, yang'anani kaye komwe kuli vuto. Pa `View > Proof Setup > Custom` sankhani pulofayilo ya wosindikiza, kenako `View > Proof Colors` ikuonetsani moyerekeza momwe pepala lidzaonekere, ndipo `View > Gamut Warning` idzapaka kutuwa paliponse pomwe inki singafike. Pachithunzi cha lole yathu, n'kutheka kuti msewu, mitengo ndi nkhope ya dalaivala zikhala bwino, pomwe logo yokha ndiyo ituwe. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti chithunzi chilibe vuto, ndipo si bwino kuchizimiritsa chonse chifukwa cha kachigawo kamodzi.

Chachitatu ndi kusunga maonekedwe a logo musanaichotse. Munavutika kale poipendeketsa kuti igwirizane ndi chitseko, ndipo palibe chifukwa chobwerezera ntchitoyo. Gwirani Ctrl n'kudina pa kachithunzi ka leya ya zilembo za buluu kuti zisankhidwe, ndipo musunge ndi `Select > Save Selection`. Chitani chimodzimodzi ndi mzere wa olenji. Ngati mitundu iwiriyi ili pa leya imodzi, ilekanitseni ndi `Select > Color Range`. Zosungidwazi zimakhala pa Channels ndipo sizitayika posintha mitundu. Mukatero chotsani leya ya logo ndi ya mithunzi yake, patsale lole ya chitseko choyera.

Kusintha chithunzi chokha

Anthu ambiri amathamangira ku `Image > Mode > CMYK Color`. Lamulo limeneli limagwiritsa ntchito pulofayilo iliyonse yomwe inaikidwa kale mu `Color Settings`, yomwe mwina si ya wosindikiza wanu. Njira yokupatsani mwayi wosankha ndi `Edit > Convert to Profile`. Musaisokoneze ndi `Assign Profile`, yomwe siisintha manambala koma imangosintha tanthauzo lake. Imeneyo imathandiza pamene chithunzi chabwera chopanda pulofayilo. Zithunzi zambiri za m'mafoni ndi pa intaneti zotere zimakhala za sRGB, muyezo womwe makampani a HP ndi Microsoft anakonza mu 1996, ndipo muyenera kuchipatsa imeneyo musanasinthe.

Mu `Convert to Profile` muli malo olembedwa Intent, omwe amauza pulogalamu chochita ndi mitundu yosatheka. Relative Colorimetric imasiya mitundu yotheka pafupi ndi momwe inalili, n'kukokera yosatheka yokha kumalire. Perceptual imafinya mitundu ya chithunzi chonse pang'ono kuti kusiyana kwa mithunzi kusungike, ndipo potero ingazimiritse ndi yomwe inalibe mlandu. Pa chithunzi ngati cha lole yathu, chomwe logo yachotsedwa, Relative Colorimetric pamodzi ndi Use Black Point Compensation ndiyo imayenera. Perceptual muiyese ngati pali malo aakulu owala kwambiri, monga chitenje chofiira chomwe makwinya ake akusowa. Chongani Flatten Image to Preserve Appearance, chifukwa maleya osintha kuwala ndi mitundu amagwira ntchito mosiyana mu CMYK, ndipo ena amatayika.

Kubwezeretsa logo ndi inki yake

Tsopano chithunzi chili mu CMYK. Bwezani zilembo zija ndi `Select > Load Selection`, kenako `Layer > New Fill Layer > Solid Color`, ndipo m'mabokosi a C, M, Y ndi K mulembe 100, 65, 0, 0. Chitaninso chimodzimodzi ndi mzere wa olenji. Manambala amenewa sanadutse m'pulofayilo iliyonse, choncho palibe chowadetsa. Maleya onse awiri akhale pa Normal ndi Opacity ya 100, kuti aphimbe kutuwa kwa chitseko.

Pakadali pano logo ioneka yongomata, chifukwa ilibe mthunzi. Mthunziwo muubwezere ndi inki yakuda yokha. Pangani leya ina ya Solid Color ya C0 M0 Y0 K20, muiike pa Multiply, muimangirire ku logo ndi `Create Clipping Mask`, kenako pa masiki ake mubise zonse n'kuonetsa ndi burashi yofewa pokhapo pomwe pali mthunzi weniweni, monga pansi pa chogwirira chitseko ndi m'mphepete mopindika. Gawo lalikulu la logo likhale lopanda K, chifukwa diso limaweruza mtundu poona pamalo powala, ndipo likakhutira pamenepo mthunzi limaulandira ngati mthunzi. Pa olenji ndi chikasu musapitirire muyezo: inki yakuda yambiri imapititsa olenji ku bulauni, chikasu ku wobiriwira wakuda. Mthunzi wa olenji umaoneka bwino ngati K ili yochepa ndipo M yawonjezedwa pang'ono.

Nthawi zina mumalandira chithunzi chophwathalala, logo ndi galimoto zili pa leya imodzi. Zikatero sankhani logoyo ndi `Color Range`, sungani, sinthani chithunzi chonse, kenako bwezani chosankhidwacho n'kutsegula Selective Color. Ikani pa Absolute, ndipo pa Reds ndi Yellows mutsitse Cyan, pa Blues mutsitse Yellow ndi Magenta pang'ono. Njirayi siitulutsa manambala enieni ngati yoyamba ija, koma imachotsa kuthimbirira kwambiri.

Khulupirirani manambala

Sikirini zambiri za m'maofesi sizinayezedwe, ndipo zimawalitsidwa kuposa momwe pepala lingawalire. Chida chodalirika ndi Info. Tengani Color Sampler Tool, muike Sample Size pa 5 by 5 Average, ndipo mudine pamalo powala pa buluu ndi pa olenji. Pa olenji, C iwerenge 0. Pa buluu, Y iwerenge 0. Mukaona C7 M58 Y96 K2 pomwe munalemba C0 M55 Y100 K0, dziwani kuti pali leya yomwe ikulowetsa kutuwa, kapena fayilo yasinthidwanso penapake. Yezaninso pamalo pakuda kwambiri, monga pansi pa matayala, kuti inki zonse pamodzi zisapose malire omwe wosindikiza ananena. Buluu wathu ali mumthunzi ndi 100 kuphatikiza 65 kuphatikiza 20, kutanthauza 185, kotero alibe vuto.

Ngati logo ili ndi timawu takuda ting'onoting'ono, tipatseni K100 yokha. Wakuda wa RGB akasinthidwa ndi pulofayilo ya SWOP ija amakhala pafupifupi C75 M68 Y67 K90, ndipo inki zinayizi zikaphonyana pang'ono pamakina, timawuto timatuluka ndi m'mphepete mwa mitundumitundu.

Komwe ntchito yabwino imaonongekera

Fayilo yomalizidwa muisunge ngati TIFF kapena PSD, pulofayilo ili momwemo. PNG siidziwa CMYK. JPEG imatha kusunga CMYK, koma kufinya kwake kumasokoneza manambala m'mphepete mwa zilembo. Potumiza, musaiponye pa WhatsApp ngati chithunzi, popeza imafinyidwa. Itumizeni ngati Document, pa imelo, kapena muipereke pa fulashi.

Msampha wina uli potulutsa PDF. Mu InDesign, pa Output, kusankha Convert to Destination kungasinthenso mitundu kuchoka ku CMYK ina kupita ku inzake, ndipo inki yachitatu ija imabwerera. Sankhani Convert to Destination (Preserve Numbers) ndi pulofayilo yomweyo yomwe munagwiritsa ntchito pachithunzi, kapena No Color Conversion ngati zonse zili kale mu CMYK yoyenera. Tsegulani PDF yotulukayo mu Acrobat Pro, pa Output Preview, n'kuyendetsa kamuvi pa logo kuti muwerengenso manambala. Onetsetsaninso kuti logo ina yomwe ili pansi pa tsamba, pafupi ndi adiresi ya kampani, ili ndi manambala omwewo, chifukwa buluu awiri osiyana patsamba limodzi amaonekera msanga.

Pamene inki zinayi zalephera

Pali malogo ena omwe ngakhale mutachita zonsezi sangafanane ndi a pasikirini, makamaka olenji wowala kwambiri, wobiriwira wonyezimira ndi mitundu yonga golide kapena siliva. Yankho lake ndi inki yachisanu yosakanizidwa kale, yosankhidwa pa buku la Pantone, dongosolo lomwe linayamba mu 1963. Mu Photoshop imaikidwa kudzera pa New Spot Channel, ndipo inki zinayi zapansi pake ziyenera kuchotsedwa pamalo a logoyo, ntchito yomwe ndi bwino kuichitira limodzi ndi wosindikiza. Inki yachisanu imafuna mbale yakeyake pamakina, choncho mtengo umakwera, ndipo makina ang'onoang'ono ambiri a dijito sangaidinde. Kwa kalendala ya makope ochepa, buluu woyera wa inki ziwiri amakwanira, bola mwini kampani auzidwe zoona zake pasadakhale kuti pepala siliyaka ngati foni.

Musanalole kuti makope onse adindidwe, pemphani tsamba limodzi loyeserera, makamaka papepala lomwe lidzagwiritsidwe ntchito. Muliyang'anire pa kuwala kwa masana pafupi ndi windo, chifukwa babu lachikasu limasintha maonekedwe a buluu ndi olenji, ndipo muliyerekeze ndi chinthu china chodindidwa kale cha kampaniyo, osati ndi sikirini. Mwini kampani akakhutira, asaine patsambalo, ndipo manambala a inki aja muwalembe n'kuwasunga, kuti chaka chamawa aliyense wokonza ntchito ya kampaniyo ayambire pomwepo.